Chithunzi chiti chingakope ogula zitenje?

"Ndimagulitsa zitenje pa Facebook. Chitenje chimodzi ndachijambula katatu: chopinda pabedi usiku, choyanika pachingwe m'mawa, ndi china mng'ono wanga atachivala. Ndiike chiti patsogolo?"

Achemwali, cha pabedicho chisiyeni. Babu la m'nyumba limasintha mtundu wa nsalu, yoyera imaoneka yachikasu, ndipo wogula akalandira chosiyana ndi chimene anaona amabweza katundu. Komanso chitenje chopinda chimabisa maluwa ake.

Ziwiri zotsalazo ziyerekezeni zili zazing'ono, monga zimaonekera m'galare ya foni musanazitsegule, chifukwa wogula amayamba kuziona choncho akudutsa mofulumira. Ine ndingatsogoze choyanika chija, ngati munachijambula pamthunzi, nsalu yadzaza chithunzi chonse, ndipo kumbuyo kulibe ndowa kapena zovala zina. Ikani chitenje chenichenicho pambali pa foni muone ngati mitundu ikufanana. Cha mng'ono wanu chibwere chachiwiri. Chimathandiza kuonetsa kukula kwa maluwawo pathupi, koma chikakhala patsogolo maso a anthu amathamangira kunkhope, ena n'kumayesa kuti mukugulitsa chosokasoka.

Ngati mukukayikabe, ayeseni ogulawo. Ikani chimodzi Lolemba madzulo, china Lolemba lotsatira nthawi yomweyo, mtengo ndi mawu osasintha. Sabata zonse ziwiri zikhale za pakati pa mwezi, poti kumapeto anthu alandira malipiro ndipo chilichonse chimayenda. Musawerenge oyamikira kuti chakongola, ambiri amakhala abale ndi anzanu. Werengani amene afunsa kuti muli kuti ndipo angachipeze bwanji.