Ziganizo ziwiri za HPTN 052: 96 peresenti ija ndi ya chiyani?

"Achimwene, ndine wophunzira kuno ku Lilongwe ndipo ndikulemba gawo lounika kafukufuku wa ena. Asupavaiza akufuna tebulo, kafukufuku aliyense ziganizo ziwiri basi, china cha njira, china cha zotsatira. Pa HPTN 052 ndinalemba kuti: 'Kafukufukuyu anachitika ku Malawi pa anthu 1,763 omwe ali ndi HIV. Anapeza kuti ma ARV amateteza 96 peresenti ya anthu ku HIV.' Andibwezera atangolemba ndi cholembera chofiira kuti sizolondola. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, manambala anu onse awiri ali m'pepala la zotsatira za kafukufukuyu, palibe yomwe mwapeka. Chomwe chavuta n'chakuti nambala iliyonse mwaiveka dzina la chinthu china. M'tebulo lotere kolakwika kambiri ndi kumeneku: nambala yoona, koma chomwe ikuwerenga chasintha panjira.

Tiyambe ndi chiganizo choyamba. 1,763 si anthu, ndi mabanja, ndipo m'banja lililonse m'modzi anali ndi HIV pomwe mnzake analibe. Ndiye kuti anthu onse anali 3,526, theka la iwo opanda kachilombo. Ameneŵa ndi amene ofufuza ankawayeza kaŵirikaŵiri kuti aone ngati atenga, tsono mukawataya m'chiganizo mwataya kafukufuku yense. Za malo, ndikumvetsa chomwe chinakukopani, poti UNC Project ya pa chipatala cha Kamuzu Central inali nawo m'kafukufukuyu ndipo Blantyre nayo inalimo. Koma malo onse anali 13 m'maiko asanu ndi anayi, kuphatikizapo Zimbabwe, Kenya, India, Thailand ndi Brazil. Woŵerenga tebulo lanu akaona "ku Malawi" adzatenga zotsatirazo ngati za Amalawi okhaokha.

Chachikulu chomwe chikusoŵa ndi kuyerekeza. Kafukufukuyu sanayerekeze omwa ma ARV ndi osamwa konse. Anatenga anthu omwe CD4 yawo inali pakati pa 350 ndi 550, n'kuwagaŵa mwamaere m'magulu aŵiri. Mabanja 886 anayamba mankhwala nthawi yomweyo. Mabanja 877 anadikira mpaka CD4 itatsika kufika 250 kapena kucheperapo, kapena munthu atadwala matenda osonyeza Edzi. Magulu onse ankalandira uphungu, makondomu ndi chithandizo cha matenda opatsirana pogonana. Mawu akuti "mwamaere" musawasiye ngakhale malo achepe bwanji, chifukwa ndi amene amauza woŵerenga kuti kusiyana kwa magulu aŵiriwo kungathe kunenedwa kuti kwabwera ndi mankhwala. Kafukufuku wongotsatira anthu osaŵagaŵa chonchi sapereka mphamvu imeneyo.

Chiganizo cha njira chiyankhe mafunso asanu: anagaŵa kapena kusankha anthu motani, anali ndani, angati, anayerekeza chiyani ndi chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji. Ine ndikadalemba chonchi:

"Kafukufuku wogaŵa mwamaere mabanja 1,763 omwe m'modzi yekha ali ndi HIV (CD4 350 mpaka 550) m'maiko asanu ndi anayi, woyerekeza kuyamba ma ARV nthawi yomweyo ndi kudikira CD4 ifike 250 kapena matenda a Edzi, atawatsatira pafupifupi zaka 1.7."

N'chachitali, inde, ndipo sichikoma m'kamwa. M'tebulo palibe amene amafuna ndakatulo. Dzina la olemba pepalalo, Cohen ndi anzake, komanso chaka cha 2011 zili ndi danga lakelake, musadyere nazo malo muno.

Tsopano 96 peresenti ija. Pofika nthawi yomwe pepala la 2011 linkatuluka mu New England Journal of Medicine, anthu 39 omwe analibe HIV anali atatenga. Ofufuza anayeza kachilombo ka aliyense m'labotale n'kukafanizira ndi ka mnzake wa m'banja. Mwa 39 aja, 28 ndi omwe anatsimikizika kuti kachilombo kanachokera kwa mnzawo wa m'kafukufuku. Ena 11 sanaloŵe m'chiŵerengero chimenechi, ndipo ena mwa iwo anakatenga kunja, komwe mankhwala a m'nyumba sangafike. Mwa 28 otsimikizikawo, 27 anali m'gulu lodikira, m'modzi yekha m'gulu loyamba msanga. Pepala limalemba izi ngati HR 0.04, kutanthauza kuti chiopsezo cha gulu loyamba msanga chinali magawo anayi pa 100 a chiopsezo cha gulu linalo. Chotsani 0.04 pa 1, mupeza 0.96. Ndi pamene 96 yabadwira.

Onani kuti si 96 mwa anthu 100 alionse omwe anatetezedwa. Ngakhale m'gulu lodikira, 27 mwa 877 ndi pafupifupi atatu pa 100 okha, ena onsewo sanatenge kwa anzawo m'nyengo imeneyo. 96 ndi kusiyana kwa magulu aŵiri, ndipo ndi ya kupatsirana kwa m'banja kokha. Mukaŵerenga onse 39, ndi 4 kwa 35, HR 0.11, kutsika kwa 89 peresenti. Manambala onse aŵiri ndi oona, koma iliyonse ili ndi mwini wake. Chiganizo chachiŵiri chikhale chonchi:

"Mwa anthu 28 omwe anatsimikizika kuti atenga HIV kwa mnzawo wa m'banja, m'modzi anali m'gulu loyamba msanga ndipo 27 m'gulu lodikira, kutsika kwa chiopsezo ndi 96 peresenti (HR 0.04; 95% CI 0.01–0.27)."

Zam'mabulaketizo ophunzira ambiri amaziona ngati zokongoletsa n'kuzidula. Ine ndimakana. Malire a 0.01 ndi 0.27 akunena kuti kutsika kwenikweni kungakhale pakati pa 73 ndi 99 peresenti. Mpata wake ndi waukulu chifukwa mbali imodzi kuli munthu m'modzi yekha. Ndinasankhanso "m'modzi ndi 27" dala, poti woŵerenga amatha kudziŵerengera yekha osadalira ine. Ndipo ndalemba zomwe zinapezeka pa mabanja aŵa, pafupifupi onse a mwamuna ndi mkazi. Zoti ma ARV "amateteza" aliyense paliponse, ngati mukufuna kuzinena, malo ake ndi m'gawo lokambirana, komwe mudzasonkhanitse mapepala angapo.

Mwina mufunsa kuti nanga zina zomwe anapeza zipita kuti. Pepala lomweli linaonanso umoyo wa omwe anali ndi HIV, n'kupeza kuti oyamba msanga ankadwala matenda aakulu mochepa, HR 0.59. Ngati mutu wanu ndi wa kapeŵedwe, zimenezo zitsale. Ukadakhala wa chithandizo, zikadaloŵa izo n'kutsala 96. Funso lanu ndilo lisankhe, osati nambala yomwe ikuoneka yaikulu.

Musanapereke kwa asupavaiza, sindikizani pepalalo, pa Area 3 kapena m'tauni malo osindikizira ndi ambiri, mutenge pensulo. Mawu alionse a m'ziganizo zanu muwapezere mzere wake m'gawo la njira kapena m'matebulo a zotsatira, osati m'chidule cha pamwamba chokha kapena m'nkhani ya m'nyuzipepala. Omwe alibe mzere, fufutani. Kenako mupatse mnzanu yemwe sanaŵerenge pepalalo ziganizo ziŵirizo, mum'funse kuti anayerekeza ndani ndi ndani, ndipo anaŵerenga chiyani. Akakanika kuyankha, chiganizo chikadali ndi dzenje.

Chenjezo lina pa HPTN 052. Muli mapepala aŵiri akuluakulu, ndipo anthu amawasakaniza. Zotsatira za 2011 zitadziŵika, a m'gulu lodikira nawonso anapatsidwa mwayi woyamba mankhwala, kafukufuku n'kupitirira mpaka 2015. Pepala lomaliza la 2016 linapeza 46 otenga kwa mnzawo wa m'banja, 3 m'gulu loyamba msanga ndi 43 m'gulu lodikira, kutsika kwa 93 peresenti. Mukalemba "Cohen 2016" pambali pa 96, kapena zaka 1.7 pambali pa 93, cholembera chofiira chibweranso. Sankhani limodzi, kapena lililonse mulipatse mzere wake m'tebulo, ndipo pa la 2016 chiganizo cha njira chinene kuti kuyambira 2011 magulu onse ankapatsidwa ma ARV.