Nyali yazima koma galimoto yabwezedwa ku Smog Check

"Abale, ndili ku California. Camry yanga ya 2012 inayatsa nyali ya injini, khodi P0420. Ndinachotsa batire, nyali n'kuzima, koma ku Smog Check, koyesa utsi kuja, andibweza ati Not Ready. Vuto n'chiyaninso?"

Achimwene, mutachotsa batire simunakonze kanthu, munangoiwalitsa kompyuta ya galimoto zonse zimene inkadziwa. Kompyuta imeneyi imadziyesa yokha mukamayenda: katalisiti, masensa a okosijeni, ngati thanki ikutulutsa mpweya wa petulo, ndi zina. Ikamaliza mayeso alionse imasunga kuti awa ndathana nawo. Batire ikachoka, kapena wina akafufuta khodi ndi sikana, khodi imapita limodzi ndi zotsatira zonsezo. Anapanga dala chonchi pa magalimoto oyambira 1996, chifukwa ankadziwa kuti anthufe tidzazimitsa nyali pageti n'kulowa ngati zonse zili bwino. Woyesa uja ataika makina ake anaona kuti galimoto sinadziyese, ndipo sangaipambanitse.

Ndiye musasangalale nayo nyali yozimayo. P0420 imatanthauza kuti katalisiti sakuyeretsa utsi mokwanira, ndipo khodi imeneyi siyatsa nyali ulendo woyamba. Kompyuta ikapeza vuto koyamba imangolemba mwakachetechete. Ikalipezanso ulendo wotsatira m'pamene nyali imayaka. Mutha kuyenda masiku angapo mukuti zatheka, kenako n'kuiona yabwerera muli pa msewu waukulu.

Palinso china chokhudza galimoto yanuyo. Kuyambira cha m'ma 2010 magalimoto amasunga khodi ina yosafufutika, imene sikana imaionetsa pa Permanent. Batire siichotsa, sikana siichotsa. Imachoka yokha kompyuta ikayesanso n'kupeza kuti pakonzedwa. California inayamba kuiwerengera mu Julayi 2019, ndipo amaikhululukira pokhapokha ngati chifufutireni mwayenda mamailosi 200 komanso injini yatentha kuchokera pozizira maulendo 15. Kuti Camry yanu idutse, mayeso onse akhale atatha. A EVAP okha, a mpweya wa petulo aja, ndi amene akhala akuloledwa kutsala, koma funsani woyesa ngati zikadali choncho.

Choyamba konzani chimene chinayatsa nyali. Musathamangire kugula katalisiti, n'ngodula. Makaniko ayambe waona ngati paipi ya utsi ikudontha pafupi ndi sensa yakumbuyo, komanso ngati sensayo ili moyo. Ine yanga inandivutitsa mwezi wathunthu, pomwe chinali kabowo kosalowa n'chala komwe pa paipi, mwaye uli bii m'mbali mwake.

Mukakonza, galimoto ipatseni ulendo woti idziyese. Kampani iliyonse ili ndi ndondomeko yake, koma zambiri zimafanana. Petulo akhale pakati pa kota ndi makota atatu a thanki, chifukwa thanki ikadzaza kapena ikatsala pang'ono kuuma mayeso a EVAP sayamba n'komwe. Igone usiku wonse kuti injini izizire. M'mawa ilizeni, muisiye mphindi ziwiri kapena zitatu osaponda moto. Kenako lowani msewu waukulu, muyende mamailosi 55 mpaka 60 pa ola kwa mphindi ngati khumi, phazi lili phee, osathamanga n'kuchepetsa. Apa m'pamene katalisiti amayesedwa, ndipo maulendo a kusitolo n'kubwerera samufikitsa pamenepa ngakhale mutayenda sabata yonse. Pamalo opanda magalimoto kumbuyo chotsani phazi, iziyenda yokha mpaka itsike pa 20 osaponda buleki. Malizani ndi mphindi khumi zam'tauni, kuima pa maloboti n'kunyamukanso. Kawirikawiri pamafunika kubwereza masiku awiri kapena atatu.

Musabwerere kwa woyesa mongoganizira. Kasikana kotchipa ka OBD2 kamalowa pansi pa chiwongolero, ndipo pa I/M Readiness mudzaona zonga izi:

```
MIL   OFF
CAT   INC
O2S   OK
EVAP  INC
```

MIL ndi nyali ija, CAT ndi katalisiti, INC ndiye kuti mayeso sanathe. Mmene zililimu mubwezedwanso chifukwa cha CAT. CAT ikasanduka OK, nyali ili chizimire, pa Pending ndi pa Permanent palibe kanthu, pitani, bola woyesa watsimikiza kuti EVAP ya INC ikuloledwabe. Koma chala chanu chisayandikire Erase, mungayambirenso pa ziro. Ndaonapo munthu atayenda masiku anayi, n'kudina pomwepo poti "ndikungoyeretsa".

CAT ikakana kusuntha mutayenda maulendo angapo, siyani kuwononga petulo. Chilipo chikuitsekereza. Mayeso a katalisiti amadikira kuti masensa a okosijeni adutse kaye, ndipo ngati themositati yakakamira potseguka injini sifika kutentha kofunika. Batire yofooka nayo imatha kufufuta zonse pamene mukuliza m'mawa, inu osadziwa, ndiye ngati yanuyo ikukokera poliza ipimitseni musanayambe ulendowu.