Akati "eee" onse pamodzi, musawakhulupirire msanga

"Ndimaphunzitsa Sitandade 5, ana alipo 96. Ndikafunsa kuti mwamva, onse amati eee, koma ndikatolera makope ndimapeza kuti ambiri alakwa. A PEA anandiuza kuti ndiziyesa ana phunziro lili mkati. Ndingachite bwanji m'mphindi 35, popanda zipangizo?"

Madamu, kalata yanu yandikhudza chifukwa ine ndinali mmodzi wa ana oyankha eee aja. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo masamu a mafulakishoni anandidutsa chaka chonse popanda wina kudziwa. Aphunzitsi athu anali munthu wolimbikira, ankafika m'mamawa, ankalemba bwino pabolodi. Akamaliza chitsanzo ankatembenuka n'kufunsa kuti, "Tili limodzi?" Kalasi yonse inkayankha ndi mawu amodzi, ine ndili momwemo. Sindinkanama dala ayi. Aphunzitsi akamalemba, zonse zinkaoneka zomveka, mzere uliwonse unkatsatira unzake. Vuto linkayamba ndikatsala ndekha ndi kope. Ndiye mwana akakuyankhani kuti eee, nthawi zambiri akutanthauza kuti waona zimene mwachita, ndipo kuona n'kosiyana ndi kutha kuchita. Komanso ana athu tinawalera kuti wamkulu satsutsidwa. Kodi mwana wa zaka 11 angaimirire pamaso pa anzake 95 n'kunena kuti aphunzitsi sindinamve? Ndani angalole kusekedwa panjira yonse yopita kwawo?

N'chifukwa chake ine funso loti "mwamva" ndinalichotseratu m'kalasi mwanga, ndipo ndikamva mnzanga akulifunsa mtima umandiwawa. Silikuuzani chilichonse. Chimodzimodzi kufunsa funso n'kusankha mwana amene wakweza mkono. Amene amakweza mikono, akuliza zala kuti "ine aphunzitsi, ine", ndi ana omwewo asanu kapena asanu ndi mmodzi tsiku ndi tsiku. Mmodzi akayankha molondola timaombetsa m'manja n'kupitirira, ngati kuti yankho lake layimira kalasi yonse. Pamenepo mwangodziwa kuti Chikondi wakutsogolo uja amatha, zomwe munkadziwa kale.

Tiyeni titenge phunziro limodzi lenileni, chifukwa nkhani iyi ikamakambidwa m'mwambamwamba kumaphunziro a ku TDC imamveka yosavuta. Mwaphunzitsa kuphatikiza mafulakishoni a manambala apansi osiyana, mwachita zitsanzo ziwiri, papita mphindi 15. Musanawapatse ntchito ya m'makope, lembani pabolodi 1/2 + 1/3, ndipo pansi pake ikani mayankho anayi: A ndi 2/5, B ndi 5/6, C ndi 2/6, D ndi 1/6. Mayankho olakwawo musangowatola mwachisawawa. Aliyense ali ndi nkhani yake. Mwana wosankha 2/5 waphatikiza apamwamba paokha, apansi paokha, ngati manambala wamba. Wosankha 2/6 wamva theka la phunziro: wapeza 6 ngati nambala yapansi yofanana, koma sanasinthe apamwamba, wangoti 1 kuphatikiza 1. Wosankha 1/6 wachulukitsa m'malo mophatikiza. Awa ndi matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Mukangochonga makope ndi cholembera chofiira, onse atatu amalandira mtanda wofanana.

Ntchito yaikulu ili apa, pokonza funsolo, ndipo imachitika kunyumba madzulo polemba leseni pulani. Funso loipa ndi limene mwana woganiza molakwika angalikhoze. Mukafunsa kuti chachikulu n'chiti pakati pa 3/4 ndi 1/2, mwana amene amangoyang'ana kukula kwa manambala anena 3/4, ndipo akhoza, inu n'kuganiza kuti wamva. Mufunseni 1/3 ndi 1/5, mudzamuona akuloza 1/5.

Ndikumbukira mtsikana wina m'kalasi mwanga, wachete kwambiri, amene ankabwera ndi mng'ono wake n'kumusiya ku Sitandade 1. Sanakwezepo mkono. Kope lake linali lodzaza mitanda, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi ankatchulidwa m'gulu la ana oti masamu sawalowa. Tsiku la funso limeneli, pamene mwana aliyense ankalemba chilembo cha yankho lake pa katoni n'kukweza, iye anakweza katoni kake kolembedwa C. Ndinapita pamene anakhala pansi, n'kugwada pambali pake, n'kumufunsa chapansipansi kuti 6 uja wamupeza bwanji. Anandionetsa m'mphepete mwa kope: 2, 4, 6 mzere wina, 3, 6 mzere wina, 6 atamuzunguliza. Mwana ameneyu anali atachita mbali yovuta ija bwinobwino! Chinatsala n'choti chinthu chikagawidwa magawo asanu ndi limodzi, theka lake limakhala magawo atatu, osati limodzi, ndipo 1/3 amakhala magawo awiri. Tinapinda pepala, anawerenga yekha magawowo ndi chala, n'kufufuta 2 uja kulemba 5. Sizinatenge nthawi. Koma mpaka lero zimandipweteka kuganiza za ana angati amene timawatchula kuti ndi mbuli pamene atsala ndi sitepe imodzi yokha, ndipo palibe amene anagwada n'kuyang'ana m'mphepete mwa kope lawo.

Ena adzati vuto ndi kuchuluka kwa ana, kuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu sanapumepo. N'zoona, ndipo sindichepetsa zimenezo. Koma ine ndikuti kalasi ya ana 96 ndi imene ikufunika njira izi kuposa ya ana 30. Wa ana 30 amatha kuzungulira n'kusuzumira kope lililonse. Inu simungathe, mwinanso popondapo palibe. Njira yokha yoonera mitu 96 nthawi imodzi ndi yoti onse ayankhe nthawi imodzi, aliyense payekha, pa chinthu chimene maso anu angaone. Ndiponso tisasokoneze izi ndi mafomu aja odzaza magiredi a ana, amene kuyambira nthawi ya PCAR, kusintha kwa silabasi ya pulayimale kuja, tinazolowera kuwatchula kuti kuyesa kopitirira. Giredi yolembedwa m'buku kuti a ofesi adzaione siisintha phunziro la mawa. Kuyesa kumene ndikunena pano sikulowa m'buku lililonse. Mumafunsa, mumaona, mumasintha chochita pompopompo.

Za timabolodi

M'mayiko ena mwana aliyense amakhala ndi kabolodi koyera ndi cholembera chofufutika. Ife tingagwiritse ntchito masileti ngati alipo, kapena makatoni a kugolosale odulidwa kukula ngati kope n'kupakidwa penti wakuda wa bolodi, ndi tizidutswa ta choko. Zikavuta, tsamba lomaliza la kope likwanira, bola alembe chilembo chachikulu chodzaza tsamba kuti chioneke kuchokera kutsogolo. Ngati makatoni ndi choko kulibe, ngakhale zala zimagwira ntchito, chala chimodzi kuimira A, ziwiri B, atazigwirizitsa pachifuwa kuti wakumbuyo asaone.

Chimene chimaononga njirayi ndi kukopera. Ana akamakweza aliyense nthawi yake, ofooka amadikira aone cha Chikondi. Ndiye lamulo likhale lolimba kuyambira tsiku loyamba: lemba, vundikira pachifuwa, khala chete. Apatseni mphindi imodzi yathunthu, kenako muwerenge kuti wani, thuu, fili, onse akweze pamodzi. Mukaona mzere wonse wa ana okhala moyandikana uli ndi yankho limodzi lolakwa lomwelo, kapena manja akufufuta mofulumira atakweza kale, dziwani kuti mukuona yankho la mwana mmodzi. Ndipo nkhope yanu isaulule. Mukamwetulira pa B, mawa adzaphunzira kuwerenga nkhope yanu.

Musawerenge makatoni limodzilimodzi, ingoyang'anani kalasi yonse kwa masekondi ochepa. Chofunika ndi kudziwiratu chimene mudzachite. Ngati pafupifupi onse akweza B, pitirizani, ochepa otsalawo muwaitane kutsogolo anzawo akulemba. Ngati kalasi yagawikana pakati pa B ndi C, musaulule yankho. Sankhani mmodzi wa C ndi mmodzi wa B afotokoze mmene anapezera, ana akambirane awiriawiri, kenako perekani funso lina lofanana nalo, monga 1/2 + 1/5, akwezenso. Koma ngati ambiri akweza A, imani. Kubwereza kufotokoza komwe kuja mokweza mawu sikuthandiza. Auzeni kuti muli ndi K600. Theka lake ndi K300, gawo limodzi mwa atatu ndi K200, pamodzi K500, ndiye kuti 5/6. Nanga 2/5 ya K600? Ndi K240. Afunseni kuti zatheka bwanji munthu kukhala ndi K300, kulandiranso ina, n'kutsala ndi K240. Pa ndalama ana sapusitsika. Phunziro la tsiku limenelo silitha monga munalembera mu sikimu, ndipo ine ndikuti palibe vuto. Kumaliza silabasi ana atatsala ku sabata yachitatu kumangosamutsira vutolo kwa mphunzitsi wa Sitandade 6, mpaka lidzaonekere pa mayeso a MANEB pamene palibenso chochita.

Pofunsa mafunso apakamwa, yambani ndi funso, dzina libwere pomaliza, kuti aliyense aganize. Mary Budd Rowe, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayankha. Kwa ana athu, amene ayenera kumva funso m'Chingerezi, kuliganiza m'chinenero chakwawo, n'kulibwezanso, masekondi asanu si ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akati sindikudziwa, musamukalipire ndipo musamusiye: funsani wina, kenako mubwerere kwa iye anene m'mawu ake zimene wamva.

Kapepala kotulukira ndi ka mphindi zitatu zomaliza. Dulani mapepala akale tizidutswa ting'onoting'ono, funso likhale limodzi, monga 1/3 + 1/4, alembe dzina ndi njira yonse, akupatseni pakhomo. Musachonge. Tiunjikeni milu itatu: okhoza, otsala pang'ono monga olemba 2/12, ndi amene akadalembabe 2/7. Timapepala 96 timatha m'mphindi khumi. Mulu umene wakula ndi umene ukuuzani poyambira mawa. Ngati mawalo simudzatchulako chilichonse cha timapepalato, ana adzazindikira msanga ndipo adzayamba kulemba zilizonse kuti atuluke.

Madamu, musayambe zonsezi nthawi imodzi. Sabata ikubwerayi tengani phunziro la masamu lokha, funso limodzi la mayankho anayi pakati pa phunziro, pa tsamba lomaliza la kope. Masiku oyamba padzakhala phokoso ndipo zidzakudyerani mphindi zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, koma ana akazolowera lamulo lovundikira pachifuwa zimatsika kufika zitatu kapena zinayi. Mundilembere kuti ndi chilembo chiti chinachuluka, tidzaone limodzi funso lotsatira.