Alamu ya sitoko izilira pamene pakufunikadi oda

"Asisi ndithandizeni, ndinayamba kuoda mameshi ku Dar chaka chatha, shopu ili ku Lilongwe. Apu ya pafoni ndinaiuza kuti katundu aliyense akatsala 50 izindichenjeza, nde imangofiira tsiku ndi tsiku mpaka ndinasiya kuyang'ana, koma sabata yatha meshi wakuda wandithera osadziwa. Inuyo mumatani?"

Pepani achemwali, kuthedwa wakuda kumawawa chifukwa wa saluni akabwera nkupeza palibe amapita shopu ina ndipo mitundu inayo amakagulanso komweko. Ine ndinadutsamo, nde ndikuuzani mmene ndimachitira panopa. Vuto lili pa 50 ameneyo, mwapereka nambala imodzi kwa katundu amene sayenda mofanana. Kwa ine wakuda nambala 1 amatuluka mapaketi 12 patsiku, nde 50 ndi katundu wa masiku anayi basi, pamene katundu kuchokera ku msika wa Kariakoo ku Dar amatenga masabata awiri ndi kuposa. Koma kala 27 uja wonga golide ndimagulitsa mwina atatu pa sabata, sindinayambe ndasungapo 50, nde apu ikanakhala yofiira chaka chonse pa iyeyo. Ndi mmene maso amazolowerera, zofiira zikakhala 30 pafoni simungaone kuti chenicheni ndi chiti.

Nambala yochenjeza imayenera kuyankha funso limodzi: ndikaoda lero, ndigulitsa zingati katunduyo asanalowe mushopu? Nde pakufunika zinthu ziwiri, kuyenda kwa katundu patsiku ndi masiku a panjira. Ndiyambe ndi masiku chifukwa ndi pamene ambirife timadzinamiza.

Munthu ukamufunsa amati Dar ndi masiku asanu, akuwerenga ulendo wa thiraki wokha. Ayi. Yambani kuwerenga tsiku limene mwaganiza kuti ndikuoda. Ine zimayenda chonchi ndikamatuma ejenti: kupeza ndalama zakunja ndi kuzitumiza masiku atatu, ndipo mukudziwa nokha mmene foreksi ikuvutira, nthawi zina makwacha uli nawo mmanja koma osatha kuwasandutsa mashilingi. Ejenti kuzungulira mu Kariakoo, kugula ndi kumanga, masiku awiri. Kenako katundu amakhala pamalo opakilira kudikira thiraki idzadze chifukwa siinyamuka ndi makatoni anu okha, apa masiku anayi amatha bwinobwino. Msewu kudzera Morogoro, Iringa, Mbeya mpaka Kasumulu atatu, pa boda ya Songwe kukiliya ndi a MRA awiri ngati mapepala ali bwino, kenako Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu mpaka Lilongwe awiri. Kuphatikiza ndi masiku 16. Musatenge zanga, tsegulani WhatsApp yanu muone tsiku limene munalembera ejenti ndi tsiku limene munalandira katundu, pa ma oda asanu kapena asanu ndi limodzi apitawa, mulembe papepala. Mupeza nambala ziwiri, ya nthawi zonse ndi ya ulendo umene unachedwa kwambiri. Kwa ine wochedwa unali masiku 23, thiraki inafa panjira kenako mapepala a mnzathu wina amene tinapakira naye anavuta pa boda nde tonse tinagona pompo.

Lamulungu sinditsegula, nde mmasiku 16 ogulitsa ndi 14, mmasiku 23 ogulitsa ndi 20. Sungani zimenezi.

Tsopano kuyenda kwa katundu. Ndinatenga masabata 8, kutanthauza masiku 48 otsegula, buku likuti wakuda anatuluka mapaketi 636. Koma musathamangire kugawa. Mkati mwa 636 muli katoni yathunthu ya 120 imene mayi wina wa ku Kasungu anatenga kamodzi ndipo sanabwerenso, imeneyo ndimachotsa chifukwa si malonda a tsiku ndi tsiku, kutsala 516. Komanso mmasiku 48 aja asanu wakuda kunalibe, sindinagulitse osati chifukwa anthu samamufuna koma kunalibe chogulitsa, nde masiku enieni ndi 43. 516 kugawa 43 ndi 12. Mukanangogawa 636 ndi 48 mukanapeza 13, zikuoneka ngati palibe kusiyana koma ndi mwayi chabe, zolakwika ziwirizo zaphimbana. Pa katundu amene amatha kawirikawiri, mukasiya masiku opanda katundu mkatimo avareji imatsika, nambala yochenjeza imatsika, mumachedwa kuoda, amathanso, avareji nkutsikanso, mumangozungulira pomwepo.

Nde masamu ake ndi awa. 12 kuchulukitsa 14 ndi 168, amenewa ndi amene adzatuluke ndikudikira thiraki ngati zonse zayenda bwino. Pamwamba pake ndimaika osungira tsoka, kusiyana kwa ulendo wochedwa ndi wa nthawi zonse, masiku 6 kuchulukitsa 12 ndi 72. Zonse 240, makatoni awiri ndendende. Mukabokosi kaja apu imalemba `Low stock` ndinaikamo 240 pa wakuda. Ndikudziwa mukamva 240 mtima ukuti ha, ndioda bwanji shelefu ili yodzadza, inenso zinkandivuta poyamba, umaona makatoni awiri ali pakona nkumati bwanji ndiyambe ndalipira lendi. Koma makatoni awiriwo ndi ogulitsidwa kale, mukungowasungira eni ake amene abwere masabata awiri akudzawa.

Chimene chimapangitsa alamu kulira yabodza kwambiri ndi ichi, ndipo ndikuganiza ndi chimene chinakutopetsani inu. Mwaoda lero, ndalama zapita, koma apu ikuwerenga zimene zili mushopu zokha, nde ipitiriza kufiira masiku onse 16 ngati simunachite kanthu. Masabata awiri foni ikukuuzani zinthu zimene munathana nazo kale, kenako mumasiya kuikhulupirira. Choyenera kuyerekeza ndi 240 si za mushopu zokha, ndi za mushopu kuphatikiza za panjira. Ine apu ndinaisiyira ntchito yowerenga malonda, koma chiganizo cha oda ndimapanga pa Excel, Lolemba lililonse mmawa. Mzere uliwonse katundu mmodzi, B ndi za mushopu ndi kunyumba, C ndi zimene ndalipira zili panjira, D ndi nambala yochenjeza, mu E muli izi:

```
=IF(B2+C2<=D2,"ODA","")
```

Tsiku limene ndatumiza ndalama ya makatoni atatu ndimalemba 360 mu C, 240 kuphatikiza 360 ndi 600, liwu la ODA limazimiririka pompo. Katundu akafika ndimafufuta C nkuonjezera ku B. Musaiwale kufufuta, ine ndinaiwalapo kamodzi nde makatoni omwewo anawerengedwa kawiri ndipo alamu inakhala chete pamene inayenera kulira. Ndipo mu C muzilemba pokhapokha ejenti watsimikiza kuti wagula, chifukwa zimachitika kutumiza ya makatoni atatu iye nkupeza awiri okha. Ngati Excel simuikonda kope ndi bolopeni zimagwira chimodzimodzi, nkhani ndi mizere itatuyo. Chenjezo limodzi, ngati mukhala mukuyang'ana kamodzi pa sabata ngati ine, katundu atha kudutsa 240 Lachiwiri inu nkudzaona Lolemba linalo, masiku asanu apita ndipo adya pafupifupi 72 yense uja. Nde wakuda ndi ena ochepa oyenda msanga apu ndinaisiya kuti izindichenjeza tsiku lomwelo, ikafiira ndimatsegula Excel osadikira Lolemba.

Kukula kwa oda nakonso kuli ndi mbali. 360 ndi malonda a masiku 30, nde alamu ya wakuda imalira pafupifupi kamodzi pa masabata asanu, ikalira ndimadziwa kuti ndi zoona. Mukamaoda katoni imodzi yokha, patangotha masiku khumi ilira kachiwiri katundu woyamba asanafike nkomwe. Imeneyo si yabodza ayi, ikukuuzani kuti mpamba ndi wochepa poyerekeza ndi kutalika kwa njira, ndipo mankhwala ake si kutsitsa nambala, ndi kuchepetsa makala ogona kuti ndalama ipite kwa amene akuyenda.

Makala oyenda pang'onopang'ono, 27, 30, 33 ndi ena ofiira aja, ndinawazimitsira chenjezo la pafoni. 27 pa atatu pa sabata, mmasiku 16 atuluka mwina 7, nde pa Excel ndinalemba 10 nkusiya choncho. Sindingatumize ndalama ku Dar chifukwa cha mapaketi khumi, amakwera ndi wakuda. ODA ya wakuda ikatuluka ndi pamene ndimayang'ana amenewa, ndipo funso limakhala lakuti akwana mpaka oda inayo idzafike? Masabata asanu kuphatikiza awiri ndi theka a panjira, atatu pa sabata, ndi mapaketi pafupifupi 23, amene sakufika pamenepo ndimamuonjezera. Pa mizere pafupifupi 40 imene ndili nayo, yololedwa kundiliza foni ndi 6 yokha.

Zina zing'onozing'ono koma zimasokoneza. Kala iliyonse ikhale mzere wake, mukalemba kuti meshi 400 pamodzi simudziwa kuti 300 mwa amenewo ndi amene sakuyenda. Muziwerenga ndi mapaketi pena paliponse, mtsikana wanga wa pashopu analemba katoni ngati 1 tsiku lina apu nkuonetsa kuti wakuda watha pamene tangotsitsa kumene. Katundu amene muli naye kunyumba alowe mu nambala, apo ayi alamu izilira nthawi iliyonse shelefu yachepa. Ndipo asanu ndi mmodzi aja ndimawawerenga ndi manja Loweruka potseka, chifukwa za ngongole zosalembedwa ndi zoiwalika zimapangitsa foni kunena 260 pamene pansi pali 225.

Kuti mudziwe ngati nambala yanu ili bwino, tsiku limene thiraki yafika musanatsegule makatoni atsopano werengani otsala nkulemba. Kwa ine ayenera kukhala pafupi ndi 72. Maulendo atatu otsatizana ndikapeza 150, ndiye kuti ndikuchenjezedwa msanga ndipo ndalama ikugona pashelefu, ndimatsitsa ndi theka la katoni osati kugwetsa kamodzi. Ndikapeza ziro kawiri thiraki isanachedwe ndiye kuti 12 uja wakalamba, ndimawerenganso masabata 8 atsopano. Ulendo umodzi wokha usakusinthitseni nambala.

Disembala ndi nkhani ina. Anthu amaluka kwambiri pa Khirisimasi ndi maukwati, kwa ine wakuda amafika 20 patsiku, ndipo mathiraki ndi pa boda pamadzadza. Mukadikira avareji ya masabata 8 kuti ikuuzeni, idzakuuzani zitadutsa kale. Nde ndimatenga buku la Disembala wa chaka chatha, sabata yoyamba ya Novembala ndimasintha D kukhala 20 kuchulukitsa masiku 20 a ulendo wochedwa aja, ndi 400. Pa 10 Disembala ndimabweza 240, chifukwa chimene ndingaode pambuyo pa tsikulo chidzafika Khirisimasi itadutsa, kulowa Januwale anthu ali pa fizi ndi feteleza, ndipo mwezi umenewo ndimatsitsanso mpaka 180.