Njerwa za POM zikuoneka ngati mapepala osanjikiza mukaima m'mbali

"Achimwene, ndikupanga kagemu ndipo ndalemba sheda yanga ya paralakisi okulujoni maping'i, mwachidule POM, mu GLSL yoika pa khoma la njerwa. Tekisicha ndi ya 1024, ikukuta mamita 2, `heightScale` ndaika 0.05, masitepe 32. Kutsogolo zikuoneka bho, koma ndikayenda motsatira khoma njerwa zikuoneka ngati mapepala osanjikiza, ndipo pa kona khoma langoti see ngati bokosi. Ndiwonjezere masitepe?"

Musawonjezere kaye. Muli ndi mavuto awiri osiyana apa, loyamba likutha ndi nambala imodzi yokha, lachiwirilo sheda siingalithetse olo mutaika masitepe 500.

Tiyambe ndi zomwe sheda yanu ikuchita zenizeni, chifukwa anthu ambiri amaiwala akangoona njerwa zatukuka. Khoma lanu likadali matirayango awiri afulati, palibe chomwe chasuntha. Chomwe paralakisi okulujoni maping'i imachita ndikusintha malo omwe pikiselo iliyonse ikawerenge mtundu wake pa tekisicha. Imatenga mzere wochokera ku kamera, n'kumayerekeza kuti mzerewo walowa mkati mwa khoma, ndiye imayenda nawo sitepe ndi sitepe uku ikufunsa mapu a kuya, chithunzi chosonyeza kuya kwa malo aliwonse pa khoma, kuti kodi ndagunda njerwa kapena ndikadali m'mphako? Ikangopeza kuti yalowa pansi pa njerwa imaima, n'kuyerekeza malo apakati pa sitepe yomalizayo ndi yam'mbuyo mwake, basi mtundu ukawerengedwa pamenepo. Natalya Tatarchuk, yemwe panthawiyo anali ku kampani ya ATI, ndi amene anaitchukitsa njirayi, mu demo ya ToyShop ya 2005 makoma a njerwa ndi miyala ya mumsewu zinali za POM, ndipo mpaka pano njerwa ndi pomwe imakhalira bwino kwambiri chifukwa kuya kwake n'kochepa.

Ndiye apa ndi pomwe 0.05 yanu ikukupwetekani. Ndikukhulupirira muli ndi mizere yofanana ndi iyi:

```
vec2 P = viewDir.xy / viewDir.z * heightScale;
vec2 deltaUV = P / numLayers;
```

`heightScale` imeneyi siili m'mamita, ili mu UV. Tekisicha yanu yonse, kuchoka 0 kufika 1, ndi mamita 2, choncho 0.05 ikutanthauza masentimita 10. Mwauza sheda kuti simenti ya pakati pa njerwa yalowa mkati masentimita 10! Pitani pa khoma lenileni mukalowetse chala pa mzere wa simenti, mupeza kuti sipapitirira sentimita imodzi, nthawi zambiri ndi theka chabe.

Tsopano onani kugawa ndi `viewDir.z` kuja. Mukayang'ana khoma mwachindunji z ali pafupi ndi 1, mzere sukuyenda cham'mbali, n'chifukwa chake kutsogolo kuli bho. Mukapendeka madigiri 45 mzere umayenda cham'mbali mtunda wofanana ndi kuya. Koma mukafika madigiri 80, ngati mmene zimakhalira munthu akamayenda m'kanjira motsatira khoma, mtundawo umakhala kuya kuchulukitsa ndi 5.67. Kwa inu ndi masentimita pafupifupi 57, ndipo poti pikiselo imodzi ya tekisicha yanu ndi mamilimita 2, awa ndi mapikiselo ngati 290. Gawani ndi masitepe 32 aja mupeza kuti sitepe iliyonse ikudumpha mapikiselo 9, pomwe mzere wa simenti wa sentimita imodzi ndi mapikiselo 5 okha m'lifupi. Ndiye kuti sitepe imodzi ikudumpha mphako yonse osaiona bwinobwino, ndipo kuyerekeza kwapakati kuja kukungolota chifukwa kumaganiza kuti pakati pa masitepe awiri pali kutsetsereka kosalala, chonsecho pali m'mphepete mwa njerwa mwakuthwa. Mapepala osanjikiza mukuonawo ndi masitepe anu enieniwo akuonekera.

Ikani `heightScale` pa 0.005. Pa madigiri 80 omwewo mzere uyenda mapikiselo 29 okha, sitepe iliyonse siikwana ndi pikiselo imodzi yomwe, mapepala aja atha osawonjezera sitepe olo imodzi. Ndikudziwa kuti muona ngati njerwa zaphwa, ndiye ngati mukufuna khoma lakale logumukagumuka kwezani pang'ono kufika 0.01, koma osabwerera ku 0.05 chonde. Kutukuka komwe maso amakhulupirira kwambiri kumachokera ku kuwala ndi mithunzi ya m'mizere, apo limbikirani nomo mapu yabwino, osati kukumba khoma.

Mukatero mutha kupulumutsanso khadi la magirafiki. Pa madigiri 45 mzere ukuyenda mapikiselo 5 basi, masitepe 32 pamenepo ndi kuwononga, poti sitepe iliyonse ndi kuwerenga tekisicha kamodzi pa pikiselo iliyonse ya khoma pa sikirini. Masitepe azisintha malinga ndi kupendeka:

```
float numLayers = mix(32.0, 8.0, abs(viewDir.z));
```

Kanthu kena kakang'ono, mukaona timizere topyapyala tothwanima m'mphepete mwa njerwa, si masitepe amenewo. UV ikadumpha mwadzidzidzi pakati pa mapikiselo oyandikana khadi limaganiza kuti malowo ali kutali n'kusankha mipimapu yosaoneka bwino. Tengani `dFdx` ndi `dFdy` za UV yoyambirira musanalowe mu lupu, muziwerenga ndi `textureGrad`.

Za pa kona tsono, apa ndikuuzani mosabisa kuti POM yafika pamapeto pake. Sheda imagwira ntchito pa mapikiselo okhawo omwe matirayango anu akuta pa sikirini, siingajambule njerwa yotulukira kunja kwa malire amenewo, ndiye m'mphepete mwa khoma mukhala mowongoka ngati mwadulidwa ndi lezala ngakhale mkati mukuoneka mabampu. Komanso nkhope ziwiri zokumana pa konapo iliyonse ikukankha UV kumbali yake, n'chifukwa chake mizere ya simenti siikumana bwino ndipo imaoneka ngati ikutsetsereka mukamayenda. Ena amachita `discard` UV ikatuluka pakati pa 0 ndi 1, zimasangalatsa pa khoma limodzi loyesera, koma pa nyumba yomwe tekisicha ikubwerezabwereza sizigwira, ndipo pa kona zimangosiya mpata woonera mkati mwa nyumba.

Bodza lomweli limagwidwanso pomwe chinthu china chakhudza khoma. Ikani paipi kapena bokosi lolowa m'khomamo muone, mzere wokumanirana ukhala wowongoka, chifukwa pa nkhani ya chomwe chili kutsogolo kwa chinzake khadi likudziwabe khoma lafulati lija. Izi zokha zili ndi mankhwala, mutha kulemba kuya kwatsopano mu `gl_FragDepth`, ku Unreal amazitcha Pixel Depth Offset, koma dziwani kuti mukalemba mmenemo khadi nthawi zambiri limasiya kutaya msanga mapikiselo obisika, ndiye sheda yolemerayi iziyendanso ndi pa malo osaoneka. Pa kuya kwa sentimita imodzi ine sindivutika nazo, palibe wosewera angazione.

Pa kona chomwe ndimachita ine ndi kuika njerwa zenizeni. Khoma la mamita 3, mzere uliwonse wa njerwa ndi simenti yake ukakhala masentimita 7.5, lili ndi mizere 40. Kabokosi kamodzi ndi matirayango 12, ndiye kona yonse ndi matirayango 480, zomwe ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito yomwe lupu yanu ikugwira pa khoma lodzaza sikirini. Pangani chidutswa chimodzi cha kona, njerwa zake zitulukire sentimita imodzi n'kumasinthana yaitali ndi yaifupi ngati mmene amamangira amisiri, muzimitse POM pa chidutswacho, kenako muzingochibwereza pa makona onse ndi m'mbali mwa zitseko ndi mawindo. Onetsetsani kuti mizere yake yagwirizana ndi ya pa tekisicha, apo ayi diso lithamangira pomwepo. Ngati nthawi yachepa, chipilala chapulasitala kapena paipi ya madzi a mvula yotsika pa konapo imabisa malo okumaniranawo bwinobwino.