Mafunso a patholoje ofuna yankho labodza: mungawayankhe bwanji?

"Ndikuphunzira zaudokotala. Patholoje ndimawerenga ndithu, koma mafunso akuti 'zonsezi nzoona kupatula chimodzi' amandigwetsa. Ndikaona yankho loyamba loona ndimalisankha, kapena ndimatsala ndi awiri osadziwa lotaya. Ndichite chiyani?"

Choyamba ndi ntchito ya cholembera. Mukaona mawu akuti EXCEPT papepala, azungulizeni, kenaka muiwale kaye zosankha yankho. Funso lotere ndi mafunso asanu a "zoona kapena bodza" omangidwa pamodzi. Pambali pa yankho lililonse lembani Z ngati ndi loona, B ngati ndi labodza, ndipo ikani chizindikiro cha funso pamene mukukayika. Muwerenge onse asanu ngakhale B atapezeka koyambirira. Mutu unazolowera kusaka choona, ndipo pofika yankho lachitatu umakhala utaiwala kale kuti ukusaka bodza. Zilembo zija ndi zimene zimakukumbutsani.

Tiyeni tione funso la khansa imene mudzakumane nayo m'mawodi a ana kuno kwathu, limfoma ya Burkitt, imene Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Zonsezi nzoona za mtundu wake wofala mu Africa kupatula chimodzi:

A. Imayendera limodzi ndi kachilombo ka Epstein-Barr.
B. Kawirikawiri imatupitsa nsagwada mwa ana.
C. Ikhoza kukhala ndi t(8;22).
D. Pa maikulosikopu imaoneka ngati thambo la nyenyezi.
E. Imayamba chifukwa cha t(14;18), imene imachulukitsa BCL2.

A, B ndi D ambiri amawapatsa Z mosavuta. Nkhondo ili pa C ndi E. Wophunzira amene analoweza kuti Burkitt ndi t(8;14) basi amaona t(8;22) nkunena kuti bodza ndi limeneli. Apa ndi pamene ambiri amatayira malikisi: chinthu chachilendo kwa inu sichikhala chabodza chifukwa choti simunachionepo. Chofunika pa khansa iyi ndi jini ya MYC, imene ili pa kolomozomu 8. Nthawi zambiri imasamukira pafupi ndi jini ya imyunogulobyulini ya pa 14, koma mwa odwala ochepa imalumikizana ndi ya pa 2 kapena ya pa 22. Bola 8 alipo, MYC wakhudzidwa. Choncho C ndi loona, ngakhale limachitika mwa apo ndi apo.

Nanga E? Tinene kuti mwaiwala kuti t(14;18) ndi ya limfoma ya folikyula. Simunathedwe nzeru ayi, chifukwa mayankho amene mwawapatsa kale Z ndi mboni zanu. Dzifunseni kuti nyenyezi za mu D zija nchiyani. Ndi mamakirofeji amene ameza zotsalira za maselo akufa. Maselo a Burkitt amagawikana mothamanga kwambiri, ndipo ambiri amafanso mothamanga kudzera mu apoputosisi. Tsono ntchito ya BCL2 ndi kuletsa apoputosisi. Chotupa chodzaza ndi maselo akufa sichigwirizana ndi puloteni yoletsa maselo kufa. D ndi E akukangana, ndipo popeza D mukumukhulupirira, E ndiye wabodza.

Onaninso mmene bodzalo lapangidwira. Wolemba mayeso sapeka zinthu zopanda mutu. Amatenga mfundo yoona ya matenda oyandikana nawo nkuibzala pamalo olakwika. Nchifukwa chake limamveka lodziwika mukamaliwerenga, ndipo mtima umafuna kulivomera: munaliwerengadi, koma pa tsamba lina. Ine ndimalangiza kuti patholoje muziwerenga awiriawiri: Burkitt pambali pa folikyula, nekirosisi pambali pa apoputosisi, giranyuloma ya chifuwa chachikulu pambali pa ya sakoyidosisi. Pa mfundo iliyonse muzifunsa kuti, ngati si ya matenda awa, ndi ya ati? Mukatha kutchula mwini wake wa yankho limene mwalipatsa B, mukhoza kulisankha mtima uli m'malo.

Anzanu adzakuuzani kuti yankho lokhala ndi mawu oti "nthawi zonse" kapena "sizichitika konse" ndilo labodza. Kawirikawiri zimatero, pakuti matenda sakonda malamulo opanda kupatula, koma njira imeneyi muisunge ya pamapeto, nzeru zina zikatha. Olemba mayeso nawonso amaidziwa.

Samalani kwambiri yankho likakhala ndi kukana mkati mwake. E akanalembedwa kuti "kawirikawiri ilibe BCL2", likanakhala loona, ndipo bodza mukanalisaka kwina. Yankho lotere muliweruze palokha, mulembe Z kapena B, osalisakaniza m'mutu ndi "kupatula" wa pamwamba uja.

Mukatsala ndi zizindikiro za funso ziwiri ndipo mboni palibe, sankhani limene likumveka ngati la matenda ena, osati limene langokhala lachilendo, ndipo pitani ku funso lotsatira. Mukamayeserera kunyumba, bodza lililonse mulikonze polemba chiganizo choona ndi dzina la matenda amene mfundoyo ndi yake.