Imelo ya kwa sapulaya, iwerengeninso musanatumize

"Akuluakulu ndalemba imelo kwa sapulaya wa simenti ku Kanengo, ndati: Tumizani matumba 200 Lachisanu likubwerali, tilipira katundu akafika, musachedwenso. Ili bwino?"

Achimwene musatumize kaye. Vuto lalikulu lili pa "katundu akafika". Akafika kuti, pa saiti panu kapena ku shopu? Nanga mulipira tsiku lomwelo kapena pakatha masiku angati, ndalama zake zingati, VAT ndi thiransipoti zili momwemo? Inu mukudziwa zomwe mukutanthauza koma iwo awerenga mowakomera, dalaivala adzakana kutsitsa mpaka aone ndalama inu mukuganiza zolipira kumapeto kwa mwezi. Ine ntchito yanga ndi yogula katundu, mikangano yambiri imayambira pamenepa.

Lachisanulo lembani deti lake, mwezi m'mawu, chifukwa akaitsegula mochedwa "likubwerali" limasanduka la sabata inayo.

"Musachedwenso" chotsani, akumveka ngati mukuwakalipira. Ingonenani kuti amisiri ayamba Loweruka m'mawa, ndiye ngati sizitheka akudziwitseni pofika Lachitatu.

Mukakonza mupatse mnzanu amene sakuidziwa nkhaniyi awerenge, akuuzeni zomwe wamva. Koma ngati muikemo za chindapusa akachedwa kapena zothetsa kontirakiti, aione kaye loya, imelo imatha kukhala umboni kukhothi.